LDL ikuoneka bwino koma mitsempha ikutsekeka: mmene mungapezere kolesiterolo wa m'zotsalira pa pepala lanu la magazi

Pepala la zotsatira za mafuta a m'magazi limene malabu ambiri kuno ku Lusaka amapereka limakhala ndi mizere inayi: Total cholesterol, HDL, LDL ndi Triglycerides, yomwe pena amangolemba kuti TG. Diso la aliyense limathamangira pa LDL, chifukwa ndi imene tonse tinaphunzitsidwa kuti ndi kolesiterolo woipa. Pakapanda kanyenyezi kapena chilembo cha H pambali pake, munthu amapinda pepala n'kuliika m'thumba, mtima uli m'malo. Pa ntchito yanga yoona odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndimakumana kawirikawiri ndi mapepala otere, LDL yooneka bwino, koma mwini wake chifuwa chikumuthina akamakwera chitunda. Pa anthu ambiri otere, kolesiterolo amene akuwavulaza ali pa pepala lomwelo, kungoti alibe mzere wakewake. Muyenera kumuwerengera nokha.

Mafuta sasungunuka m'magazi, choncho thupi limawanyamula m'timipira ting'onoting'ono tokutidwa ndi mapuloteni. Timipira ta LDL timanyamula makamaka kolesiterolo, pamene ta HDL, amene anthu amati kolesiterolo wabwino, timabweza kolesiterolo ku chiwindi. Koma pali timipira tina tikulutikulu todzaza ndi TG, amene ndi mafuta omwe thupi limawotcha kuti lipeze mphamvu kapena kusunga m'mimba ndi m'matako. Tina timapangidwa m'matumbo mukangodya, tina timapangidwa m'chiwindi usana ndi usiku, ndipo ta m'chiwinditi timatchedwa VLDL. Timipira tonseti tikamadutsa m'mitsempha ing'onoing'ono ya m'minofu, enzaimu yotchedwa LPL imatulutsamo TG n'kupereka ku maselo. Kampira kamene katsitsa TG kamachepa, koma kolesiterolo amene kanali naye katsala nayebe. Timeneti ndi timene timati zotsalira. Zili ngati lole imene yatsitsa zigubu za mafuta ophikira pa msika wa Soweto koma ikuyendabe m'tauni ndi katundu wina kumbuyo. Mwa munthu wathanzi chiwindi chimazichotsa m'magazi msanga. Mwa munthu amene thupi lake silikumveranso insulini, chiwindi chimatulutsa VLDL yochuluka, LPL imagwira ntchito mwaulesi, ndipo zotsalira zimazungulira m'magazi maola ambiri kuposa mmene ziyenera.

Vuto lagona pa kukula kwake. Timipira tongochoka kumene m'matumbo ndi tatikulu kwambiri moti sitingalowe m'khoma la mtsempha. Tikachepa n'kukhala zotsalira timalowa, ndipo timakodwa m'katimo. Maselo oyera a magazi amabwera kudzameza, ndipo amameza zotsalira mmene ziliri, pamene LDL imayamba yasintha kaye isanamezedwe. Kampira kamodzi ka zotsalira kamanyamulanso kolesiterolo wochuluka kuposa kampira kamodzi ka LDL. Maselo aja amafufuma ndi mafuta n'kufera pomwepo, khoma limatupa, ndipo pang'onopang'ono pamakula chibulumwa chimene chimachepetsa njira ya magazi. Chikang'ambika, magazi amaundana pamenepo. Zikachitikira m'mitsempha ya mtima munthu amadwala mtima mwadzidzidzi, zikachitikira ya ku ubongo ndi sitiroko, ndipo m'miyendo zimayamba ndi kupweteka kwa akatumba munthu akayenda kamtunda, kumene kumaleka akaima.

Chimene chimaunjikana m'khomamo ndi kolesiterolo, osati TG. Maselo amatha kuphwanya TG, koma sangaphwanye kolesiterolo. Choncho TG yokwera pa pepala ndi chizindikiro chakuti timipira ta zotsalira tachuluka, ndipo chimene tikufuna kudziwa ndi kuchuluka kwa kolesiterolo amene tanyamula. Izi si zatsopano ayi. Donald Zilversmit ananena kale mu 1979 kuti mafuta otsala m'magazi munthu akadya amathandiza kutseka mitsempha. Umboni wamphamvu unabwera mu 2013, pamene ofufuza a ku Copenhagen ku Denmark, motsogozedwa ndi Børge Nordestgaard, anaona anthu oposa 73,000 pamodzi ndi majini awo. Anapeza kuti kwa anthu obadwa ndi majini okweza kolesiterolo wa m'zotsalira, kukwera kwa 1 mmol/L kunkayendera limodzi ndi chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chochuluka maulendo 2.8. Nambala imeneyi ndi ya anthu a ku Denmark amene akhala ndi mafutawo moyo wawo wonse, ndiye musaitengere pa inu ndendende. Komanso isakuchititseni kunyoza LDL, chifukwa ikadali gwero lalikulu la matendawa. Zotsalira zimangowonjezera pamwamba pake.

Ndifotokoze za bambo wina wa zaka 52, woyendetsa malole pa msewu wa Lusaka ndi Chipata. Ali ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ankamwa kale metifomini wa shuga, atenololo ndi haidirokolorothayazaidi a kuthamanga kwa magazi, komanso atovasitatini wa 20 mg wotsitsa kolesiterolo. Anabwera ndi akazi awo, ndipo ndi mayiwo amene anayamba kulankhula.

"A dokotala, abambowa sanena zonse. Akangoyenda kuchokera kunyumba kukafika pokwerera basi amaima kawiri, dzanja lili pachifuwa."

Bambowo anatulutsa pepala la ku labu, lopindidwa kanayi, lothimbirira m'mbali chifukwa chokhalitsa m'chikwama cha ndalama. "Koma mafuta ali bwino, onani nokha. Paliponse pamene ndaonetsa amati LDL ili bwino."

Magaziwo anawatenga masana atadya kale. Total cholesterol inali 5.0, HDL 0.8, LDL 2.4, TG 3.9, zonse mu mmol/L. Masamu ake ndi ochotsera basi, ndipo mungawachite pa foni.

```
non-HDL = Total cholesterol - HDL
zotsalira = Total cholesterol - HDL - LDL
```

Kwa bambowa, 5.0 kuchotsa 0.8 kutsala 4.2. Ameneyu ndi kolesiterolo yense amene angathe kulowa m'khoma la mtsempha, ndipo madokotala amamulemba kuti non-HDL. Pa 4.2 ameneyu, LDL ndi 2.4 yokha. Yotsalayo, 1.8, ndi kolesiterolo wa m'zotsalira. Malire amene akatswiri a ku Ulaya anagwirizana mu 2016 ndi akuti zotsalira zikafika 0.9 mwa munthu amene wadya, kapena 0.8 mwa amene sanadye, ndiye kuti zakwera. Za bambowa zinali kuwirikiza kawiri malirewo.

Mayi aja nawonso anali atayezetsa tsiku lomwelo, ndipo pepala lawo limathandiza kumvetsa nkhaniyi. Total cholesterol yawo inalinso 5.0, chimodzimodzi ndi ya amuna awo. HDL inali 1.6, TG 0.9, ndipo LDL inali 3.0. Poyang'ana LDL yokha, mayiwo ndi amene akanaoneka kuti ali pangozi. Koma non-HDL yawo inali 3.4, zotsalira 0.4. Anthu awiri odyera mbale imodzi, Total cholesterol yofanana, koma amene ali ndi LDL yotsika ndi amene wanyamula kolesiterolo woopsa wambiri.

Pali msampha umodzi pamasamuwa umene muyenera kuudziwa. Malabu ambiri sayeza LDL mwachindunji. Amayeza zitatu zinazo, kenaka makina amawerengera LDL ndi njira ya Friedewald ya mu 1972.

```
LDL = Total cholesterol - HDL - (TG / 2.2)
```

Ngati LDL yanu inapezedwa motere, mukachotsera kuti mupeze zotsalira mudzangopeza TG yogawidwa ndi 2.2. Yesani pa bambo aja: 3.9 kugawa ndi 2.2 ndi 1.8, nambala yomwe ija. Sikuti nambalayo ndi yabodza, koma ndi yongoyerekeza, ndipo sikukuuzani chatsopano choposa chimene TG yakuuzani kale. Choipa china n'chakuti TG ikakwera, njirayi imakonda kuonetsa LDL yotsika kuposa mmene ililidi, ndipo TG ikapitirira 4.5 njirayi sigwiranso ntchito. Mukaona mawu akuti calculated pambali pa LDL, kapena mukayesa masamuwo n'kupeza kuti akugwirizana ndendende, dziwani kuti ndi yowerengera. Ikakhala yoyezedwa amalemba kuti direct. Ngati labu yanu imalemba mu mg/dL, pogawa pamakhala 5 m'malo mwa 2.2, ndipo malire a 4.5 aja amakhala 400.

N'chifukwa chake ine ndimadalira kwambiri non-HDL. Imachokera pa zinthu ziwiri zimene zinayezedwadi, sisintha kwambiri kaya mwadya kapena ayi, ndipo simulipira ngwee yowonjezera. Cholinga chake n'chosavuta kukumbukira: tengani cholinga cha LDL chimene dokotala anakupatsani, muwonjezere 0.8. Malangizo a ku Ulaya a mu 2019 amati munthu wa chiopsezo chapakatikati akhale pansi pa 3.4, wa chiopsezo chachikulu, monga odwala shuga ambiri, pansi pa 2.6, ndipo amene mitsempha yayamba kale kutsekeka pansi pa 2.2. Palinso kuyeza kotchedwa apoB. Kampira kalikonse koopsa, kaya ka LDL kaya ka zotsalira, kali ndi puloteni imodzi yokha ya apoB, choncho kuyeza apoB kuli kuwerenga timipira tenitenito. Ndi kuyeza kwabwino, koma sikupezeka paliponse ndipo n'kodula. Amene sangakwanitse asade nkhawa, non-HDL imamufikitsa pafupi.

Za kusala kudya musanayezetse, anthu ambiri amabwezedwa kunyumba popanda chifukwa. Poyeza koyamba simufunika kusala. Mwa anthu ambiri TG imangokwera ndi pafupifupi 0.3 akadya chakudya cha masiku onse, ndipo popeza timakhala titadya mbali yaikulu ya tsiku, magazi a masana amaonetsa zimene mitsempha imakumana nazo. Malire a TG ndi 2.0 mutadya, 1.7 musanadye. Kusala kumafunika TG ikapitirira 5, kapena dokotala akafuna kuyerekeza zotsatira asanasinthe mankhwala. Pamenepo musadye maola 10 mpaka 12. Madzi imwani, koma tiyi wa shuga, maheu kapena munkoyo ayi, ndipo dzulo lake musamwe mowa. Musayezetse mukudwala malungo kapena matenda ena aakulu, dikirani milungu ingapo mutachira, chifukwa nambala zimasokonekera.

Bambo aja tinawabwereza atasala, ndipo tinapempha LDL yoyezedwa mwachindunji. TG inali 3.3, LDL 2.7, zotsalira 1.4. Choncho sichinali chakudya cha masana chimene chinakweza nambala. Tinawatumizanso kwa akatswiri a mtima, amene anatsimikiza kuti kuthina kwa chifuwa kuja kunkachokera ku mitsempha ya mtima yopanikizika. Izi zinawaika m'gulu lofunika non-HDL yosafika 2.2, pamene iwo anali cha m'ma 4.

Musanaganize za mankhwala a TG, funsani chimene chikuikweza, chifukwa nthawi zambiri chimapezeka. Choyamba ndi shuga. Tinayeza HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi itatu yapita, ndipo inali 9.1 peresenti, kutali ndi 7 amene timafuna kwa odwala ambiri. Tinayezanso TSH, chifukwa chithokomiro chikafooka mafuta onse amakwera, ndiponso kireyatinini ndi puloteni ya mumkodzo poona impso. Zonsezi zinali bwino. Kenaka tepi ya telala: timaizunguliza pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, munthu ataimirira, atatulutsa mpweya osakoka mimba. Inawerenga masentimita 108. Malire amene timagwiritsa ntchito ndi 94 kwa amuna, 80 kwa akazi. Mafuta a m'mimba ndi oipa pa nkhaniyi chifukwa magazi ochokera kumeneko amapita molunjika ku chiwindi, n'kuchipatsa zipangizo zopangira VLDL.

Pano ndionjezere chinthu chokhudza ifeyo anthu akuda. Kafukufuku wasonyeza kuti TG yathu imakonda kukhala yotsikirapo poyerekeza ndi ya azungu kapena amwenye, ngakhale thupi litayamba kale kukana insulini. Tanthauzo lake ndi lakuti TG yabwino sikutsimikiza kuti shuga ali kutali, ndipo TG ikafika 2 kapena 3 mwa munthu wakuda, ine sindiiona ngati yokwera pang'ono.

Mankhwala ena amakwezanso TG. Odziwika ndi atenololo ndi anzake, haidirokolorothayazaidi, puredinisoloni, mapiritsi okhala ndi esitirojeni, mankhwala ena a matenda a maganizo monga olanzapini, ndi ma ARV ena, makamaka lopinaviri yophatikiza ndi ritonaviri. TLD, imene ambiri akumwa masiku ano, sikweza mafuta kwenikweni, koma ena amanenepa nayo, ndiye tepi ija iziwayendera. Palibe mankhwala pa amenewa oti musiye nokha. Kwa bambo aja atenololo sitinamuchotse, chifukwa amateteza mtima umene ukuthina, ndipo kumusiya mwadzidzidzi kungadzutse vuto lalikulu. Haidirokolorothayazaidi ndiye tinamusintha ndi enalapirili, amene amatetezanso impso za wodwala shuga. Mankhwala a shuga tinawonjezera.

Titafika pa zakudya, bambowo anayamba n'kudziteteza. "Mazira ndinasiya, nyama ya mafuta sindidya kwambiri, nanga mafutawa akuchokera kuti?" Funso limeneli ndimalimva pafupifupi kwa aliyense. Yankho n'lakuti chiwindi chimapanga TG kuchokera ku shuga, sitachi ndi mowa zimene zapitirira zofuna za thupi. Tsiku lawo la pa ulendo linkayenda motere: m'mawa tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi zitumbuwa, pa msewu mabotolo awiri kapena atatu a zoziziritsa kukhosi kuti asagone, masana ndi usiku nsima ya ufa woyera mitanda itatu, ndipo akafika ku Lusaka Loweruka, mowa ndi michopo. Botolo limodzi la 500 ml la zakumwa zotsekemera zambiri limakhala ndi shuga wopitirira magalamu 50, pafupifupi masupuni a tiyi 13, ndipo limeneli lokha lafika kale pa malire a tsiku lonse amene bungwe la WHO limapereka kwa munthu wamkulu. Theka la shuga wa pa tebulo ndi fulakitozi, amene amathera m'chiwindi ndipo amasanduka mafuta mosavuta. Maheu ogula m'sitolo ndi majuwisi a m'mapaketi ali m'gulu lomweli, ngakhale anthu amawaona ngati chakudya chabwino.

Sitinawaletse nsima, chifukwa lamulo lotero silikhala sabata. Tinagwirizana zinthu zochepa zimene angathe kuziwerenga. Zakumwa zotsekemera zichoke zonse, m'galimoto mukhale madzi. Shuga wa mu tiyi atsike kufika supuni imodzi, kenaka athe. Nsima ikhale mtanda umodzi ndi theka, ya ufa wa rola kapena mgaiwa, ndipo malo otsala m'mbale adzaze chibwabwa, kalembula, repu kapena nyemba. Mgaiwa uli ndi gaga amene amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, koma ukadali sitachi, ndiye mitanda itatu ya mgaiwa sithetsa kanthu. Kapenta ndi nsomba zina kawiri kapena katatu pa sabata, zosasambira m'mafuta. Nsinjiro zokazinga zodzaza dzanja limodzi m'malo mwa zitumbuwa. Mowa ndiye tinati usiyiretu kwa miyezi itatu tione. Mowa umakankha chiwindi kupanga VLDL komanso umachedwetsa kuchotsa zotsalira, ndipo ukakumana ndi nyama ya mafuta usiku umodzi, TG imatha kukwera kwambiri mpaka m'mawa mwake. Mwa anthu ena kungosiya mowa kumatsitsa TG ndi theka.

Kuyenda nakonso kuli ndi kachitidwe kake. Kuyenda mwandawala mphindi 30 mpaka 45 kumadzutsa LPL m'minofu, ndipo mafuta a chakudya chotsatira amachotsedwa msanga. Koma mphamvu imeneyi imatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Kuthamanga Lamlungu lokha n'kukhala pampando masiku asanu ndi limodzi sikukwanira. Kwa bambowa, popeza chifuwa chinkathina, anayamba akatswiri a mtima atavomereza, ndi mphindi khumi pamalo athyathyathya akaimika lole, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Kuchepetsa thupi ndi 5 mpaka 10 peresenti kumatsitsa TG ndi pafupifupi 20 peresenti, ndipo kwa bambowa, amene anali ndi makilo 96, ndiye kuti makilo asanu mpaka khumi.

Pa mankhwala a mafuta m'pamene ndimaona anthu akusochera kwambiri. Munthu akaona TG yokwera amafuna piritsi lotsitsa TG, ndipo mankhwala otchedwa mafaibureti amaitsitsadi. Koma mu 2022 kafukufuku wotchedwa PROMINENT, wa odwala shuga oposa 10,000 amene ambiri ankamwa kale sitatini, gulu la mankhwala monga atovasitatini, anapeza kuti pemafaibureti anatsitsa TG ndi pafupifupi 26 peresenti, koma matenda a mtima ndi sitiroko sizinachepe. Chifukwa chake chinaoneka pa apoB, imene sinatsike, inakwerako pang'ono. Mankhwalawo anathandiza zotsalira kusanduka LDL m'malo mozichotsa m'magazi, choncho chiwerengero cha timipira tolowa m'khoma chinakhala chomwecho. Phunziro lake kwa ife ndi loti tiziyang'ana non-HDL kapena apoB, osati kusangalala ndi TG yokha ikatsika.

Choncho mankhwala oyamba akadali sitatini. Amachititsa chiwindi kukoka timipira m'magazi, ta LDL ndi ta zotsalira tomwe, ndipo TG imatsikanso ndi 10 mpaka 20 peresenti kapena kuposerapo. Bambo aja tinawakweza pa atovasitatini wa 40 mg. Tinawauza kuti akamva kupweteka kwa minofu ya ntchafu kapena mapewa mbali zonse ziwiri, makamaka mkodzo ukada, abwere msanga. Amayi oyembekezera samwa sitatini. Amene ali pa lopinaviri ndi ritonaviri asamwe simvasitatini, ndipo atovasitatini amayamba ndi mlingo wochepa. Sitatini asaphatikizidwe ndi faibureti wotchedwa jemufaiburozili chifukwa minofu imatha kuwonongeka. Pakafunika faibureti pamodzi ndi sitatini, timasankha fenofaibureti, titaona kaye impso.

Makapisozi a mafuta a nsomba ogula m'mafamase ndi nkhani ina imene imadya ndalama za anthu. Kafukufuku wa REDUCE-IT wa mu 2018 anagwiritsa ntchito EPA, mtundu umodzi wa mafuta a nsomba, yoyengedwa bwino, magalamu 4 pa tsiku, mwa anthu oposa 8,000 omwa sitatini, ndipo matenda a mtima anachepa ndi 25 peresenti. Koma wina wotchedwa STRENGTH, wa EPA yosakaniza ndi mtundu wina wotchedwa DHA pa mlingo womwewo, sanapeze phindu, ndipo akatswiri akutsutsanabe chifukwa chake. Kapisozi wamba wa 1,000 mg amakhala ndi mafuta ofunikawo pafupifupi 300 mg okha, kutali ndi mlingo wa kafukufuku, ndipo mlingo waukulu umaonjezera chiopsezo cha mtima kugunda mosalongosoka. Ndalama imeneyo ine ndimati igule kapenta ndi kulipirira HbA1c.

Pali nthawi imene TG payokha imakhala ngozi ya lero lomwe. Ikafika 10 kapena kupitirira, timipira tikulutikulu tija timadzaza m'magazi ndipo kapamba, chiwalo chopanga insulini, amatha kutupa. Ku labu zimaoneka ndi maso: akazunguza kabotolo ka magazi m'makina, madzi a pamwamba, amene amayenera kukhala achikasu ndi oonekera, amatuluka oyera mbuu, osaonekera n'komwe. Munthu wotere akamva kupweteka koopsa pamwamba pa mimba kolasa kumsana, ndi kusanza, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Apa ndiye faibureti amafunikadi, pamodzi ndi kusiyiratu mowa, kuchepetsa kwambiri mafuta onse m'zakudya ndi kutsitsa shuga. Palinso matenda osowa a m'majini amene zotsalira zimaunjikana kwambiri: Total cholesterol ndi TG zonse zimakwera pamodzi, ndipo m'mizere ya m'zikhatho mumaoneka timizere tachikasu. Mukaona zimenezi, abale a m'mimba imodzi ayezedwenso. Chimodzimodzi, chifuwa chikathina munthu atangokhala, n'kupitirira mphindi zingapo, kapena ndi thukuta ndi kupweteka kotsikira m'dzanja kapena m'chibwano, si nthawi yowerenga mapepala, ndi nthawi yothamangira kuchipatala.

Mafuta timabwereza kuyeza pakatha milungu 8 mpaka 12 chisinthireni mankhwala, makamaka pa labu yomweyo ndiponso mofanana ndi poyamba, kaya mutasala kapena mutadya. TG imasinthasintha kwambiri tsiku ndi tsiku, ndiye kusiyana kwa 0.3 kapena 0.4 kusakusangalatseni kapena kukukhumudwitsani. Bambo aja anabweranso patatha miyezi itatu ndi makilo 90, mimba ya masentimita 102 ndi HbA1c ya 7.6. Total cholesterol inali 3.7, HDL 0.9, TG 1.8. Zotsalira zinatsika kufika pafupifupi 0.8, non-HDL 2.8. Mayi aja anati tsopano amafika pokwerera basi osaima.

"Ndiye basi tamaliza, a dokotala?" anafunsa bambowo.

Tinali tisanamalize, chifukwa kwa munthu amene mitsempha ya mtima yapanikizika kale, 2.8 ikadali pamwamba pa 2.2. Koma tsopano gawo lalikulu la 2.8 imeneyo linali LDL, pafupifupi 2.0, choncho chofunika sichinali faibureti. Tinawonjezera ezetimaibu wa 10 mg kamodzi pa tsiku, amene amachepetsa kolesiterolo wolowa kuchokera m'matumbo ndipo amatsitsa LDL ndi pafupifupi 20 peresenti pamwamba pa sitatini. Za mowa tinagwirizana kuti upitirire kukhala kunja, ndipo tinawalembera tsiku loyezanso mafuta ndi HbA1c pakatha milungu 12, atasala ngati ulendo wapitawo.